Theka Linalo Lili ku Ngokwe

Mukafika kusikelo ya ana kwa Kalembo tsiku Lachitatu, mukapeza mayi wamtali, wa mpata kumano, akukoleka ana pa sikelo uku akuwaimbira tinyimbo topanda mutu kuti asalire. Ameneyo ndiye Dorica Makwinja. Sali pa ntchito ya boma ayi, amangothandiza, ndipo chomwe amapeza pamenepo ndi zikomo ndi malaya onunkha mkodzo wa ana a eni. Amayi ena obwera kumene amamutcha "anesi". Iye amayankha msanga kuti, "Iyayi, ine si nesi, anesi ali m'katimo," n'kutembenukira kwina. Anthu amayesa kudzichepetsa, koma ndi chilonda chimenecho, ndipo mawuwo amachikhudza.

Dorica anabadwira konkuno, m'banja la Akatolika olima thonje. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo sukulu anaimaliza chokwawa, pa sekondale yoyendera ya m'deramo. Pamenepo buku la Bayoloje linali limodzi, ndipo linkakhala m'chikwama cha aphunzitsi ngati mankhwala a njoka. Aphunzitsiwo ankalemba pabolodi, ana n'kumakopera. Akalakwitsa aphunzitsi, kalasi yonse yalakwitsa. Ngakhale zinali choncho, mtsikanayu anali ndi mutu. Zotsatira za Fomu 4 zitatuluka, anapeza makirediti m'maphunziro onse amene makoleji a unamwino amafuna, kupatula limodzi. Bayoloje anapeza 8. Wakhoza, inde, koma kirediti imathera pa 6, ndipo wopanda kirediti ya Bayoloje kukoleji ya unamwino samuyang'ana n'komwe.

Kenako moyo unachita zake. Anakwatiwa ndi Noah, mnyamata wokoma pakamwa, anabereka ana awiri, Noah n'kupita ku Joni kukasaka ntchito. Chaka choyamba ankaimba foni. Chaka chachiwiri ankangoti "ndiimbabe". Kuchokera pamenepo, zii. Dorica anabwerera pakhomo pa amayi ake, n'kumalima kamunda, kugwira ganyu, ndi kuthandiza kusikelo kuja, kumene ankaona anzake a m'kalasi atavala zoyera.

Tsiku lina anauza achimwene ake a Wadson kuti akufuna kulembanso Bayoloje yekhayo, ngati wolemba mayeso wochokera kunja kwa sukulu. Pakhomopo panali mbuzi ziwiri zotsala, ndipo anafuna kuzigulitsa kuti alipirire mayeso ndi zina zofunika. A Wadson anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mbuzi zimenezi ndi fizi ya ana ako, chemwali," anatero. "Ndikulola, koma kamodzi kokha. Zikakanika, nkhani ya sukulu ithere pomwepo, ugwire khasu ngati ife tonse. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

Mbuzi zinapita. Dzina linalembetsedwa. Chotsala chinali chinthu chimodzi chaching'ono: buku. Ha! Chaching'ono kwa amene ali nalo.

Anayamba ndi laibulale ya m'tauni ku Balaka. Ankanyamuka m'mawa panjinga yobwereka, kufika thukuta lili kamukamu. Buku la Bayoloje la Fomu 3 ndi 4 linalipo, koma linali m'gulu la mabuku osatuluka, owerengera pomwepo. Tsono ana a sukulu a m'tauni ndi akathyali. Akamaliza kuwerenga salibwezera pamalo pake, amakalibisa kuseri kwa mabuku a nthano kuti mawa adzalipeze okha. Dorica ankafufuza shelefu ndi shelefu ngati nkhuku yotaya anapiye. Tsiku limene analipeza, anapeza masamba a mutu wa za uchembere atang'ambidwa onse. Anyamata, abale! Zithunzi zokhazo n'zimene ankafuna.

Pafoni pakenso panali thandizo, koma la theka. Kafoni kake kanali kogula kwa munthu, galasi losweka pakona, kodzaza msanga ngati mimba ya khanda. Mnzake wa kusikelo anamulowetsa m'gulu la pa Watsapu limene anthu amatumizirana manotsi ndi mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, zonse zaulere. Zaulere zake n'zoti pamafunika bandulo, pamafunika moto wotchajira foni kwa wometa tsitsi, pamafunikanso maso a mphaka kuti uwerenge timalemba ta pa galasi losweka. Komanso m'gulumo munkabwera zosakaniza. Ena ankaponyamo manotsi a silabasi yakale, ena a mayiko ena, popanda wokuuza kuti izi n'zathu, izi si zathu.

Ndiye mphunzitsi wina wachifundo anamubwereka buku lake tsiku limodzi, Loweruka, kuti akachititse fotokope mitu ingapo n'kulibweza dzuwa lisanalowe. Dorica anathamangira ku Liwonde. Atangolowa m'kashopu ka fotokope, magetsi phethi! Mwini shopu anangotambasula manja n'kutulutsa mpando panja.

Pabenchi ya pakhonde panali kale mayi wina, wamfupi, wonenepa masaya, atavala mpango wophimba mutu ndi khosi. Anasuzumira buku lili pamiyendo pa Dorica n'kuseka.

"Nanunso Bayoloje inakulumani?"

"Inandiluma, ndipo mano ake akadali m'thupi," anayankha Dorica.

"Ine inandiluma kawiri. Dzina langa ndine Fauziya. Sunthani kuno, dzuwa likuotchani."

Fauziya anali Myao wa ku Ngokwe, kutali uko ku Machinga, koma ankakhala ku Liwonde ndi mwamuna wake Hassani, wogulitsa nsomba zouma. Nayenso ankafuna unamwino. Anali munthu woti akayamba kuseka, ngakhale wosadziwa nkhani amasekera limodzi. Anaonetsa Dorica mapepala amene iye anachititsa mwezi wathawo, fotokope ya fotokope ya fotokope ina. Malemba anali otuwa ngati phulusa, ndipo chithunzi cha mtima wa munthu chinali chibulunga chakuda bii.

"Taonani, achemwali," anatero. "Akuti uwu ndi mtima. Ine ndikuona chitumbuwa chopserera. Ndikalembe chiyani pamayeso?"

Magetsi sanayake tsiku limenelo. Buku la aphunzitsi linabwerera osakopedwa ngakhale tsamba limodzi. Koma awiriwo asanasiyane, anadutsa kwa bambo wina woyala mabuku akale pansi pafupi ndi depoti, ndipo pamenepo panali buku la Bayoloje la silabasi yatsopano, Fomu 3 ndi 4 pamodzi, lonenepa, lakutha m'makona koma lathunthu. Dorica yekha sakanalikwanitsa. Fauziya yekha sakanalikwanitsa. Anayang'anana, aliyense n'kumasula mfundo ya pachitenje.

Vuto linali lakuti wina amakhala kwa Kalembo, wina ku Liwonde, ndipo buku silingagone nyumba ziwiri. Nzeru inachokera kwa Fauziya. Anamutengera kwa Che Sufiyani, telala wa pakhonde la sitolo, n'kuwauza kuti alidule pakati.

"Kudula buku?" anadabwa Che Sufiyani. "Ine ndimadula nsalu, amayi. Ili ndi tchimo."

"Dulani, tchimolo likhala langa," anatero Fauziya.

Analidula ndi lezala motsata msana, n'kusoka theka lililonse ndi ulusi wolimba, n'kulikuta ndi zotsalira za chitenje chobiriwira cha madontho oyera. Zinatuluka bwino moti sabata yotsatira Fauziya anachitanso chimodzimodzi ndi buku la Masamu limene anagula mogawana ndi mayi wina woyandikana naye nyumba. Che Sufiyani anangoti, "Mwandipezera ntchito yatsopano," n'kukutanso ndi chitenje chomwecho.

Pangano linali losavuta. Dorica atenge theka la kutsogolo, Fauziya la kumbuyo. Aliyense alidye mpaka kulimaliza, ndipo mvula ikatha adzasinthane kamodzi, poti ulendo wa pafupipafupi unali wodula. Theka la kumbuyo ndilo linali ndi mitu yoopsa, ya uchembere ndi ya za chibadwa, momwe makhalidwe a makolo amapitira kwa ana. Imeneyi ndiyo inagwetsa Dorica poyamba paja, chifukwa aphunzitsi ake sanaifike n'komwe.

Miyezi ya dzinja imeneyo ndiyo Dorica amaikumbuka kuti anali munthu. Ankapita kumunda theka lake lili m'jumbo kuopa mvula, akapuma pansi pa mtengo n'kumawerenga. Madzulo Fauziya ankatumiza mavoisi, akufotokoza zimene wawerenga m'theka lake, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, kumbuyo kukumveka mapoto. "Achemwali, tamverani izi. Akuti nandolo wamtali akakwatira nandolo wamfupi, ana onse amatuluka aatali, koma ufupi uja sufa ayi, umabisala, n'kudzatulukira mwa zidzukulu. Ndiye ine ndadziwa lero kuti ufupi wangawu ndi wa agogo anga, ndisamadane ndi amayi!" Kenako chiseko, mpaka voisi kuduka.

Mavoisiwo anachuluka, ndipo kafoni kanayamba kudandaula kuti kadzaza. Tsiku lina m'gulu muja munabwera mpukutu waukulu wa manotsi, anthu akuuyamikira kuti uli ndi zonse. Kuti ulowe, panafunika malo. Dorica anafufuta mavoisi onse a Fauziya, poganiza kuti mwini wake alipo, adzanenanso. Manotsiwo atatseguka, anapeza kuti ndi a dziko lina, mitu yake yosiyana ndi ya kuno. Anatukwana pang'ono n'kuiwala.

Mvula inatha, koma kusinthana kunachedwa. Fauziya anali woyembekezera, ndipo miyendo inayamba kutupa. "Ndipatseni masabata awiri, achemwali, ndimalize za nandolozi ndili chigonere," anapempha. Dorica anavomera. Masabata awiriwo atatha, thonje linali litayera m'minda, ndipo ganyu yotola thonje sadikira munthu. Anazengereza iyenso. Pomaliza anapangana Loweruka lina kumayambiriro kwa Juni, mayeso atatsala pang'ono. Sabata imeneyo mauthenga a Dorica sankayankhidwa, koma iye anangoti mwina mnzake alibe bandulo.

Anafika ku Liwonde theka lake lili m'jumbo, pamodzi ndi mtedza wokazinga wa mayi woyembekezera. Anapeza chitseko chili ndi loko, pakhonde posasesa. Mayi woyandikana naye nyumba uja anatuluka, n'kuima, manja ali m'chiuno, kenako anawatsitsa.

"Ndinu a kwa Kalembo aja? Kodi sanakuuzeni?"

Mayiyo anafotokoza kuti Fauziya anachira mwana wamkazi kuchipatala, koma magazi sanasiye. Anamwalira tsiku lomwelo. Asilamu sagoneka maliro, choncho m'mawa mwake anali ataikidwa kale kwawo ku Ngokwe. Mwana ali moyo, ali ndi agogo ake. Hassani anatseka nyumba, katundu yense wa malemu anapita kumudzi.

Dorica anakhala pansi pa dothi pomwepo. Sanalire msanga. Anatulutsa foni kuti amve mawu a mnzakeyo, n'kukumbuka kuti anawafufuta ndi chala chake chomwe. Pamenepo ndiye anabuma, kulira kwa mayi wamkulu pakhomo pa eni, mtedza uli mbwee pansi.

Tsono mtima wa munthu ndi woipa, kapena tinene kuti umphawi ndi woipa. Ali m'minibasi kubwerera, misozi isanaume, ganizo linamubwerera ngati ntchentche: nanga theka lija? Analithamangitsa. Linabweranso. Anadzida yekha. Mnzako wagona m'manda, iwe ukuganiza za mapepala! Koma mayeso sadziwa maliro, ndipo mbuzi zinali zitapita kale.

Anayesa njira zina, asaname munthu. Anapitanso ku Balaka, n'kupeza ana a Fomu 4 atadzaza laibulale mpaka pakhonde, buku lija lili pakati pa mitu isanu. Mphunzitsi wachifundo uja anali akugwiritsa ntchito buku lake pokonzekeretsa ana ake. Mtsikana wina anamubwereka manotsi a fotokope, aja opanikiza masamba anayi pa pepala limodzi kuti zitchipe, ndipo zithunzi za mmene mbewu za chibadwa zimagawikira zinali timadontho tosaoneka mutu ndi mchira. M'gulu la pafoni anapempha, anthu n'kumutumizira mafunso ambirimbiri opanda mayankho. Ankawayang'ana ngati munthu wanjala woyang'ana chimanga cha m'munda wa eni.

Amayi ake ndiwo anamasula mfundo. "Mwanawe, maliro n'kulirana. Mnzako uja sunamulire kwawo. Pita ukapepese. Zinazo ukaziona konko." Anamupatsa nkhuku ziwiri, imodzi yogulitsa kuti apeze thiransipoti, ina ya chipepeso.

Ngokwe ndi kutali, inu. Minibasi mpaka Liwonde, ina kudutsa Ntaja mpaka Nselema, kenako njinga yamoto pamsewu wafumbi wogwedeza matumbo. Anafika dzuwa litapendeka, nkhuku ili wefuwefu. Anamulozera nyumba ya Abiti Saidi, amayi ake a Fauziya. Anawapeza pamkeka kuseri kwa nyumba, mayi wowonda, wamfupi ngati mwana wawo, khanda lili pamiyendo akulimwetsa mkaka wa m'chitini ndi kasupuni. Dorica atangoona masaya a khandalo, zonse zimene anakonza kunena zinathawa. Anagwada n'kulira, mayiwo n'kulira naye, osadziwana.

"Ndinu a Dorica," anatero Abiti Saidi pambuyo pake, m'Chichewa cholemera ndi Chiyao. "Ankakutchulani. Ankati ndili ndi mnzanga Mkhristu, wamtali ngati mlongoti, tidzavala zoyera tsiku limodzi."

Anacheza. Mayiwo anamufotokozera za matenda, za ulendo wa maliro, za mkaka wodula. Dorica ankangoti "pepani, amayi", za buku osazitchula. Kenako kunabwera amjomba ake a malemu, Che Abdulrahim, mlongo wawo wa Abiti Saidi, mwini mbumba, bambo wa ndevu zoyera ndi kofia. Analandira nkhuku, anathokoza mwaulemu. Dorica anaona kuti akapanda kunena tsopano sadzanenanso. Anatulutsa theka lake m'jumbo, n'kuliika pamkeka, n'kufotokoza zonse, maso ali pansi.

Che Abdulrahim anakhosomola.

"Mayi, mwalankhula bwino, ndipo sindikukutsutsani. Koma pabanja pathu pano katundu wa malemu satsegulidwa mpaka sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi, abale onse atasonkhana, mwamuna wake alipo. Sutukesi ili m'nyumbamo, yomanga. Ndikatsegulira inu lero, mawa wina adzati munalinso chakuti, chapita kuti? Maliro amabala milandu. Bwerani pa arobaini, mudzatenga chanu pamaso pa anthu."

"Mayeso adzakhala atadutsa, bambo," anatero Dorica motsitsa.

"Pepani. Mulungu ndiye amadziwa." Ananyamuka n'kupita ku mzikiti.

Bamboyo sanali woipa, ndipo zimene ananena zinali zoona. N'chifukwa chake zinawawa kwambiri, poti panalibe womukwiyira. Abiti Saidi ankangogwedeza mwana. Kenako anafunsa, osakweza mawu, osamuyang'ana.

"Mwanangu, ndiuzeni zoona. Mwabwera kudzalira mnzanu, kapena mwabwera kudzatenga buku?"

Dorica anamva ngati amuvula pamsika. Akanatha kunama, koma pamaso pa mayi wotaya mwana bodza linakana kutuluka.

"Zonse ziwiri, amayi. Ndikhululukireni."

Mayiwo anamuyalira mphasa, ndipo Dorica anagona komweko.

M'mawa, atatsanzika, Abiti Saidi anabereka khanda kumbuyo n'kunena kuti amuperekeza mlendo. Anayenda kudutsa minda ya thonje yokololedwa, mpaka nyumba zinabisika. Pamenepo mayiwo anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja m'kati mwa nsalu yawo. Anatulutsa kaphukusi kokulunga m'mpango wakale. Pakona pake pankaoneka chitenje chobiriwira cha madontho oyera.

"Ndatsegula m'bandakucha, achimwene ali ku swala kumzikiti," ananong'ona. "Chibadwire sindinawachitepo mwano achimwene anga, lero ndawachita. Nditatsegula, fungo la mwana wanga linandimenya kumaso, ndinangotsala pang'ono kukuwa. Ine kuwerenga sindidziwa, koma nsalu yake ndaizindikira, ndi yofanana ndi yanu ija. Bisani. Musamasule pafupi pano, anthu ali ndi maso. Mukakhoze, mwanangu. Mukavale zoyerazo, kuti kutopa kwa mwana wanga kusapite pachabe."

Dorica anagwada m'fumbi momwemo n'kugwira mapazi awo. Mayiwo anamudzutsa n'kubwerera msangamsanga, osacheuka.

Ulendo wonse wa panjinga yamoto anakumbatira jumbo pachifuwa. Pa Nselema, akudikira minibasi kuti idzaze, anakhala pa mwala kuseri kwa ogulitsa nzimbe, n'kumasula mpango uja. Nsalu yomweyo. Ulusi womwewo wa Che Sufiyani. Anatsegula.

Manambala. Mizere yopingasa, makona atatu, ma x ndi ma y. Linali theka la buku la Masamu.

Anatembenuza masamba mpaka kumapeto, ngati kuti nandolo uja angatulukire penapake. Anatseka, anatsegulanso. Anaseka kamodzi, kuseka koipa, moti mayi wogulitsa nzimbe anamufunsa ngati ali bwino. Anayang'ana msewu wobwerera ku Ngokwe. M'mfundo ya chitenje munatsala ndalama yongomufikitsa kwawo. Ndipo ngakhale ikanakhalapo, akanakanena chiyani? Kuti amayi, mwano munachitira achimwene anu uja munauchita pachabe, katsegulaninso, kanunkhizeninso zovala za mwana wanu? Kondakitala anaitana. Anakulunga bukulo bwinobwino n'kukwera.

Mayeso analemba. Mafunso a m'theka lake anawayankha ngati akumwa madzi. Atafika pa za chibadwa, anakumbukira nandolo wamtali ndi wamfupi, n'kulemba zimene anatha kukumbuka za m'mawu a mnzake. Koma mayeso amafuna zithunzi zake, mayina ake enieni, magawo ake, ndipo zimenezo zinali m'sutukesi ku Ngokwe. Masamba ena anawasiya oyera.

Arobaini inachitika iye osapitako, poti analibe choyendera. Theka la Masamu analipereka kwa mayi wa ku Liwonde uja, mwini wake wa theka linalo, mayeso atatha kale.

Zotsatira zinatuluka nyengo yotentha, mitengo itayoyoka masamba. Bayoloje, 7. Anakwera ndi sitepe imodzi, n'kutsala sitepe imodzi. A Wadson atamva sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Wayesetsa, chemwali," n'kumuuza kuti munda wa kudambo ukufunika kusosa mvula isanagwe. Dorica sanapemphenso kanthu, pangano ndi pangano.

Patapita masiku, ali kumundako, foni inalira. Nambala yachilendo. Mawu a mtsikana anati, "Dikirani, agogo akufuna alankhule nanu." Kunamveka phokoso la foni yopatsirana, khanda likulira chapatali, kenako mawu aja olemera ndi Chiyao, okuwa monga amachitira anthu osazolowera foni.

"A Dorica? Ndine amake Fauziya. Nambala yanu tinaipeza kwa a Hassani. Ana akuno akuti mayeso atuluka pa wailesi. Ine tulo sindigona, ndimangoganiza za inu. Achimwene anadziwa kuti ndinatsegula, poti mfundo ya chingwe ndinamanga mosiyana. Mpaka lero sadya pakhomo panga. Koma ine ndinati palibe kanthu, bola mwana uja athandizike. Tandiuzani, mwanangu. Buku lija linathandiza?"

Dorica anayang'ana khasu lili m'dzanja lake, ndi munda wosasosa kutsogolo kwake.

"Linathandiza, amayi," anatero. "Linathandiza kwambiri."

"Alhamdulillah!" analira mayiwo. "Ndiye zoyerazo muvala liti? Ndikufuna ndidzabwere ndi mwanayu, adzakuoneni."

"Ndidzakuuzani, amayi."

Anadikira mpaka mayiwo atamaliza kumudalitsa, madalitso aatali a m'Chiyao, iye akungoti "ameni, ameni", dzanja lina litatseka pakamwa kuti kulira kusamveke ku Ngokwe.